Kalata yaifupi imene ndinapemphera tchuthi maganizo atandilemera

Ndimagwira ntchito yolemba mainivoisi ndi kuwerengera katundu pa kampani ina yogulitsa zinthu pa mtengo wa piku ku Msasa, mu mzinda wa Harare. Ndimakhala ku Mufakose, kumene makolo anga anakhazikika atachoka ku Dedza ine ndisanabadwe. Bambo atamwalira, udindo wonse wa pakhomo unagwera ine, ndipo maliro atatha ndinabwerera ku ntchito ngati munthu wolimba mtima. Patapita miyezi ingapo tulo tinayamba kundithawa. Ndinkadzuka pakati pa usiku n'kukhala m'maso mpaka tambala, kenako n'kukaima pa mzere wa makombi mutu uli waa. Ku ofesi ndinkayang'ana mzere umodzi wa manambala mobwerezabwereza osaumva, chakudya chamasana chinkabwerera kunyumba mu kontena osachikhudza, ndipo foni ikalira mtima unkagunda ngati ndapalamula. Ndinadziwa kuti ndikufunika kupuma masiku ochepa ndi kukaonana ndi anthu othandiza. Chimene chinandivuta chinali kalata yopita kwa abwana.

Amalume anga, amene anakhalapo mu komiti ya ogwira ntchito pa fakitale ina ku Workington asanapume, ndi amene ananditsegula maso. Nditawauza kuti ndikufuna kulemba kalata yopempha tchuthi koma sindikudziwa ndifotokoze bwanji zimene ndikumva, iwo anandifunsa kuti, "Mphwanga, kodi ukupempha tchuthi chamtundu wanji? Yamba wadziwa zimenezo. Zofotokoza za mumtimazo n'za dokotala, abwana ako akungofuna kudziwa kuti asaine pati."

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa kalata yonse imatsamira pa funso limeneli. Lamulo la ntchito la Zimbabwe, Labour Act chaputala 28:01, lili ndi mitundu itatu ya tchuthi imene munthu wotopa m'maganizo angaiganizire, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kapemphedwe kakekake.

Woyamba ndi tchuthi cha matenda, chimene chili mu gawo 14. M'chaka chimodzi cha ntchito munthu angathe kulandira masiku ofika 90 ali pa malipiro athunthu, malinga ngati pempho lake latsagana ndi kalata yosainidwa ndi dokotala wovomerezeka. Lamulolo silisankha kuti matenda akhale a mwendo kapena a m'mimba. Ngati dokotala waona kuti nkhawa kapena kusowa tulo kwakufooketsa moti sungagwire ntchito, kalata yake ili ndi mphamvu yofanana ndi ya munthu wodwala malungo. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti abwana sakupatsa mwa chifundo chawo, lamulo ndi limene likuwauza kuti apereke.

Wachiwiri ndi tchuthi cha pachaka, mu gawo 14A. Ukamaliza chaka choyamba pa ntchito umakhala ukusonkhanitsa masiku 30 pachaka, omwe ndi awiri ndi theka pamwezi, ndipo angaunjikane mpaka 90. Apa sufunika kalata ya dokotala, ndipo chifukwa chopumira sichifunika kuchifotokoza. Koma nthawi yotengera tchuthichi imafuna kugwirizana ndi abwana, ndiye akhoza kukuuza kuti dikira kaye mwezi wamawa. Pali kanthu kenanso kamene ambiri timakadziwa mochedwa: Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma amene agwera mkati mwa tchuthi chako amawerengedwa nawo. Ukapempha kuyambira Lachinayi mpaka Lachiwiri la sabata yotsatira, akudula masiku 6, pamene masiku ogwira ntchito amene wapuma ndi 4 okha. Ukapempha Lolemba mpaka Lachisanu, mkati mwake mulibe Loweruka, koma umakhala kunyumba kuyambira Loweruka loyambalo mpaka Lamulungu lachiwiri.

Wachitatu ndi tchuthi chapadera cha gawo 14B, masiku osapitirira 12 pachaka pa malipiro athunthu. Chimenechi ndi chimene timatenga pa maliro a kholo, mwana kapena mnzathu wa m'banja, kapena tikaitanidwa kukhoti ngati mboni, ndipo kumapeto kwa mndandandawo kuli mawu olola tchuthi pa chifukwa china chilichonse chomveka chofuna chifundo. Ena amayesa kulowera pamenepo. Ine ndinaona kuti njira imeneyi ndi yovutirapo kwa munthu wofuna kusunga chinsinsi, chifukwa kuti abwana avomereze kuti chifukwa chako n'chomveka, uyenera kuwafotokozera zambiri, zomwe ndi zimene ukufuna kupewazo. Ndiponso masiku anga ena a mtundu umenewu ndinali nditawagwiritsa kale ntchito pa maliro.

Dziwaninso kuti manambala amenewa ndi poyambira chabe. Makampani ambiri ali pansi pa makhonsolo a ntchito a gulu lawo, amene timangowatchula kuti NEC, ndipo mapangano awo amatha kukhala ndi zoonjezera. Ogwira ntchito m'boma amayendera malamulo awoawo, chimodzimodzinso abale athu ogwira m'nyumba ndi m'magadeni ku Borrowdale kapena ku Highlands. Musanalembe, tsegulani kontirakiti yanu, kapena funsani wa mu komiti ya ogwira ntchito kuti pa malo anupo zimayenda bwanji.

Ine ndinasankha tchuthi cha matenda, choncho kalata ya abwana inayenera kudikira kuti ndiyambe ndapita kuchipatala. Ndinayambira pa kiliniki ya khonsolo, pamene pali benchi la Friendship Bench. Ntchito imeneyi anaiyambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare cha m'ma 2006, ndipo agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala nawe pa benchi la matabwa, mwaulere, n'kumamvetsera. Agogo amene anandilandira anandifunsa mafunso 14 a pa pepala lawo, okhudza tulo, kulira, kutopa, kulephera kuika mtima pa ntchito ndi kuganiza mopitirira muyeso, ndipo ambiri mwa mafunsowo ndinayankha kuti inde. Sanandiuze zochita. Anandithandiza kutchula mavuto anga limodzilimodzi ndi kusankha limodzi loti ndiyambe nalo. Koma agogowo sangasaine kalata ya ku ntchito. Lamulo likufuna siginecha ya dokotala wolembetsedwa, ndipo kapepala kosonyeza kuti munafika pa kiliniki sikafanana ndi kalata yonena kuti simungathe kugwira ntchito. Ena amapereka kapepala koteroko ku ofesi yoona za antchito n'kubwezedwa. Ine ndinapita kwa dokotala wa pa sejale ina, chipatala chaching'ono cholipira m'tauni, Lachinayi, nditatseka mabuku a kutha kwa mwezi.

Kwa dokotala ndinafotokoza zonse osabisa. Atamaliza kundipima anati ndipume sabata imodzi kuyambira Lolemba, ndipo atatenga cholembera ndinawapempha kuti, "A dokotala, chonde pa kalatayo musalembepo dzina la matenda." Anavomera mosavuta. Analemba kuti andiona pa tsiku lakutilakuti, kuti sindili woyenera kugwira ntchito kuyambira pa 9 mpaka pa 13 Juni chifukwa cha matenda, n'kusaina ndi kudinda chidindo. Pempho limeneli muzilinena asanayambe kulemba. Kalata ya dokotala imadutsa m'manja ambiri, kwa abwana, kwa kalaliki wa malipiro, mpaka mu faelo imene idzakhalapo zaka. Musanatuluke m'chipindamo yang'anani ngati madeti ali olondola, ngati dzina lanu lalembedwa monga lilili pa chitupa, ndiponso ngati chidindo chikuoneka.

Kalata yanga ndinailemba usiku womwewo. Inali m'Chingerezi monga mmene zimakhalira m'maofesi a kuno, koma mawu ake anali awa:

Kwa Mkulu wa Nthambi ya Zachuma,

Kupempha tchuthi cha matenda, 9 mpaka 13 Juni

Ndikupempha tchuthi cha matenda cha masiku 5, kuyambira Lolemba pa 9 Juni mpaka Lachisanu pa 13 Juni. Ndidzabwerera ku ntchito Lolemba pa 16 Juni. A dokotala andilangiza kuti ndipume masiku amenewa chifukwa cha thanzi langa, ndipo kalata yawo ndaiphatikiza.

Mainivoisi onse a mwezi wa Meyi ndatseka. Maoda amene atsala ndawandandalika pa pepala, ndipo mnzanga wa mu ofesi mwathu wavomera kuwayang'anira ngati inu mungalole.

Ndikupempha kuti nkhani ya thanzi langayi ikhale pakati pa inu ndi ofesi yoona za antchito.

Zikomo kwambiri.

Pansi pake ndinalemba dzina langa, nambala yanga ya ku ntchito ndi deti, n'kusaina. Basi.

Chiganizo choyamba chatchula pempho, mtundu wa tchuthi, chiwerengero cha masiku ndi madeti. Abwana athu ndi mayi amene amawerenga makalata ataimirira, foni ili kukhutu, ndiye ndinafuna kuti ngakhale awerenge mzere umodzi wokha adziwe chimene ndikufuna. Kalata yoyamba ndi moni wautali ndi mawu oti "mwina mwaona kuti masiku ano sindili bwino" imamupatsa munthu mpata woyamba kuganiza zakezake asanafike pa pempho lako. Tsiku lobwerera ndinalitchula palokha ngakhale likudziwika kale kuchokera ku madetiwo. Mkulu wa ntchito akamva za matenda, funso loyamba limene limamubwerera ndi lakuti munthuyu abwerera liti, kapena abwereranso n'komwe. Mawu oti "masiku angapo" kapena "mpaka nditapeza bwino" ndi amene amawopsa, ndipo ndi amene amachititsa kuti uitanidwe mu ofesi kukafunsidwa mafunso ambirimbiri.

Chifukwa chopemphera tchuthicho ndinachipatsa chiganizo chimodzi, ndipo ndinalemba kuti "thanzi langa". Ndinaganizira nthawi yaitali ngati ndiwonjezere kuti ndi thanzi la m'maganizo. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ndipo ndikudziwa anthu amene amalemba poyera abwana awo n'kuwamvetsa. Koma ndinayang'ana malo athu a ntchito mmene alili. Munthu akamveka kuti wapita kukaonana ndi a zamaganizo, m'kantini anthu amayamba kunong'onezana kuti wazungulira mutu, ndipo ife a Chinyanja, amene timanenedwa kale za mankhwala ndi zinyau, nkhani yotere imamera nthambi msanga. Mawu oti "thanzi langa" ndi oona, sananame paliponse, ndipo amakwanira pa zimene lamulo likufuna. Langizo langa ndi loti zimene mwalemba simungazibwezenso, koma zimene simunalembe mungathe kudzazinena pakamwa tsiku lina mukadzaona kuti munthuyo ndi wokhulupirika. Chimene sindingalimbikitse ndi kupeka matenda ena, monga kunena kuti ndi msana kapena malungo. Bodza lotere limafuna kulidyetsa tsiku lililonse mukabwerera, ndipo likasemphana ndi kalata ya dokotala limasanduka mlandu wa kusakhulupirika, umene ndi waukulu kuposa kujomba.

Ndime ya ntchito yotsala ndi imene ndikukhulupirira kuti inafewetsa zonse. Ndinayamba ndalankhula ndi mnzangayo Lachinayi lomwelo, kalata ndisanailembe, n'kumuuza kuti a dokotala andipatsa sabata yopuma, osaonjezera china. Ndinamusiyira pepala limodzi lokhala ndi maoda osamalizika, makasitomala amene angaimbe, ndi pamene pali mafaelo. M'kalatamo ndinalemba kuti "ngati inu mungalole" chifukwa kugawa ntchito ndi udindo wa abwana. Ukalemba ngati kuti wakonza kale zonse wekha, ena amamva ngati wawalanda mpando.

Palinso zinthu zimene ndinazisiya dala. Sindinapepese. Mawu oti "pepani kwambiri pokuvutitsani" amamveka aulemu, koma akachuluka amasandutsa ufulu wako kukhala ngati cholakwa chimene ukupempha kuti akukhululukire. Ulemu wokwanira uli m'mawu oti "ndikupempha" ndi "zikomo". Sindinalonjeze kuti ndizipezeka pa foni nthawi iliyonse. Amalume anandichenjeza kuti ukalemba zimenezo, Lachiwiri lisanathe uzidzayankha mafunso a mainivoisi pa WhatsApp uli pabedi, ndipo tchuthicho chidzangokhala ofesi yosamukira kunyumba. Sindinatchulenso malamulo m'kalatamo. Kudziwa gawo 14 kunandilimbitsa mtima, koma kulilemba m'kalata yoyamba kumamveka ngati wabwera ndi ndewu kwa munthu amene sanakukanize kanthu. Ndipo sindinalembemo madandaulo a ntchito, ngakhale kuti kuchuluka kwa ntchito kunali mbali ya vuto langa. Ukasakaniza pempho la tchuthi ndi dandaulo, abwana amayamba kuyankha dandaulolo podziteteza, pempho n'kuiwalika. Nkhani ya kuchuluka kwa ntchito ili ndi tsiku lake, utabwerera mutu utazizira.

Kwa amene alibe kalata ya dokotala, kapena amene ndalama ya sejale yawavuta, kalata yomweyi imagwira ntchito pa tchuthi cha pachaka. Mumangosintha mtundu wa tchuthi, ndipo chiganizo cha dokotala chija chimakhala choti, "Masiku amenewa ndikufuna kupuma ndi kusamalira thanzi langa, ndipo ndikupempha kuti achotsedwe pa masiku anga a pachaka." Popeza apa abwana ali ndi mphamvu yosuntha madeti, perekani kalatayo kudakali nthawi, ndipo pewani sabata yowerengera katundu kapena yotseka mabuku. Yambani mwafunsa ku ofesi yoona za antchito kuti mwatsala ndi masiku angati.

Lachisanu chakum'mawa ndinagogoda pa chitseko cha abwana nthawi imene munalibe munthu wina. Ndinali ndi makope awiri a kalata yanga, fomu ya tchuthi ya pakampani nditaidzaza kale, ndi kalata ya dokotala imene ndinali nditaijambula pa foni ndisanaipereke. Mayiwo anawerenga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa kuti, "Chavuta n'chiyani? Si zazikulu?" Funso limeneli limabwera ndithu, ndipo nthawi zambiri limachokera mu mtima wabwino, choncho ndi bwino kulikonzekera. Ndinayankha kuti, "Mayi, ndi nkhani ya thanzi imene a dokotala akuiyang'anira. Akuti ndikapuma sabata imeneyi ndikhala bwino. Zikomo pofunsa." Kenako ndinakhala chete. Chete ameneyo ndi wovuta, chifukwa pakamwa pamafuna kupitiriza kulankhula, ndipo ndi pamene munthu amaulula zimene sanafune kuulula. Iwo anasaina fomu, ndipo ndinawapempha kuti asainenso pa kope yanga ndi kulembapo deti.

Kope yosainidwayo musaipeputse. Malamulo a khalidwe la pa ntchito amene boma linakhazikitsa mu 2006, a mu SI 15, omwe amagwira pa malo amene alibe malamulo awoawo olembetsedwa, amati kujomba masiku 5 ogwira ntchito kapena kuposerapo popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka ndi mlandu waukulu wotha kuchotsetsa munthu ntchito. Munthu amene maganizo amulemera ndi amene amagwa mosavuta mu msampha umenewu: amalephera kudzuka Lolemba, amachita manyazi kuimba Lachiwiri, pofika Lachisanu akuopa ngakhale kuyatsa foni. Ndaona mnyamata wa ku tchalitchi kwathu akutaya ntchito mwa njira imeneyi, pamene kalata ya mizere isanu ikanamuteteza. Chilolezo cha pakamwa chokha n'chosadalirika, chifukwa mwini wake akhoza kuiwala kapena kusamutsidwa. Ngati mwadwala moti simungathe kupita nokha, tumizani mawu omwewo pa imelo kapena pa WhatsApp tsiku loyamba lomwelo, pamodzi ndi chithunzi cha kalata ya dokotala, ndipo mtumeni wachibale akapereke pepala lenilenilo.

Mukakanizidwa tchuthi cha matenda muli ndi kalata yoyenera ya dokotala, musakangane pa chitseko. Pemphani kuti yankholo alilembe, kenako pitani nalo ku ofesi yoona za antchito ndi kwa wa mu komiti ya ogwira ntchito. Zikakanika pamenepo, ku NEC ya gulu lanu kuli maofesala omva nkhani zotere. Apa ndi pamene gawo 14 limatchulidwa tsopano.

Ndinenenso za malire a kalata imeneyi. Ndi ya munthu amene watopa koma akutha kukonza zinthu zake. Ngati maganizo odzipha ayamba kubwera, kapena masiku akupita osagona n'komwe, kapena mwayamba kumva ndi kuona zinthu zimene ena sakuziona, kalata idikire. Uzani wachibale tsiku lomwelo ndipo mupite kuchipatala. Mu Harare muno chipatala cha Parirenyatwa chili ndi nthambi ya matenda a maganizo imene timaitcha Annexe, ndipo ku Sally Mugabe, komwe ambiri timatchulabe kuti kwa Gomo, kulinso nthambi yotere. Za ku ntchito wina akhoza kukutumizirani pambuyo pake.

Sabata imodzi siinandichiritse, ndipo dokotala sananene kuti idzatero. Inandipatsa mpata wogona, wobwerera kwa agogo aja pa benchi, ndi wokhala pansi ndi alongo anga kuti tigawane za lendi ya amayi ndi fizi ya mng'ono wathu, zomwe ndinkazisenza ndekha. Zokambirana za pa benchi zimafika kasanu ndi kamodzi, kamodzi pa sabata, choncho zina zinagwera nthawi imene ndinali nditabwerera ku ntchito. Pa zimenezo ndinalembanso kakalata kena, kafupi kuposa koyamba kaja: kuti ndikupempha kumafika mochedwa ndi maola awiri Lachitatu lililonse kwa mwezi umodzi chifukwa cha ndondomeko ya kuchipatala, ndipo maolawo ndiziwabweza madzulo a tsiku lomwelo. Abwana anasaina osafunsa china. Anzanga a mu ofesi atandifunsa kuti ndinali kuti sabata ija, ndinawauza kuti ndinadwala ndipo tsopano ndikupezako bwino, n'kumufunsa mnzanga uja kuti maoda anayenda bwanji.